Lipoti labiriwira, koma mijigo ili iwiri yokha: ndilembe chiyani pa danga la kufotokoza?

MwanaWaNchalo
Akuluakulu, ndigawireniko nzeru. Ndimawerengera ndalama pa kabungwe kena kuno ku Chikwawa, ndipo aka n'koyamba kuti ndikonze ndekha lipoti loyerekeza bajeti ndi ndalama zomwe zatulukadi. Amene ankagwira ntchitoyi anachoka mu Disembala, anangondisiyira fayilo ya Excel. Pulojekiti yathu ndi yokumba mijigo inayi ndi kuphunzitsa makomiti ake. Kota ya Januwale mpaka Malichi yatuluka chonchi:

```
             Budget      Actual      Variance
Mijigo       36,000,000  18,000,000  18,000,000  F
Maphunziro    3,200,000   1,900,000   1,300,000  F
Mafuta        1,500,000   2,340,000    -840,000  A
Malipiro      6,000,000   6,000,000           0
Zonse        46,700,000  28,240,000  18,460,000  F
```

Pamwamba pa fayilo analemba kuti F ndi `Favourable`, imabiriwira, ndipo A ndi `Adverse`, imafiira. Abwana ataona mzere wa pansiwo asangalala kwambiri, akuti tapulumutsa K18 miliyoni, ndipo akufuna kuuza bodi kuti tigulirepo njinga yamoto. Chimene chawakwiyitsa ndi mafuta okha. Koma ine mtima sukuvomera, chifukwa mijigo imene ikutulutsa madzi ndi iwiri yokha mwa inayi. Opereka thandizo akufuna lipotili pa 30 Epulo, ndipo mzere uliwonse uli ndi danga la kufotokoza. Ndilembe chiyani?

KabazaWaBangula
Achemwali, vuto lili pati? Kubiriwira ndiye kuti zili bwino, kufiira ndiye kuti mwaononga. Mizere iwiri yabiriwira, umodzi wokha wafiira. Fotokozani za mafutazo mutumize. Njingayo ngati mukugula ndiuzeni, ndikudziwa kumene zili zolimba.

Nyakwawa77
A Kabaza, anthu a midzi iwiri akutungabe madzi mu Shire momwe muli ng'ona, inu mukuti zili bwino?

GogoLejala
Mwanawe, mtima wakowo ukunena zoona, usautsutse. Ndagwira mabuku a mapulojekiti zaka zambiri, ndipo chilembo F ndi chimene chandipusitsa kawirikawiri kuposa A.

Pa mzere wa ndalama zotuluka, F imangotanthauza kuti ndalama zatuluka zochepa kuposa zomwe munakonza. Basi. Siikuuza ngati munagula motchipa, ngati ntchito sinachitike, kapena ngati ntchito inachitika koma simunalipire. Zitatuzi zimabiriwira mofanana pa kompyuta, koma ndi choyamba chokha chimene chili kupulumutsa. Pa thandizo ngati lanuli, ndalama yotsala chifukwa ntchito sinagwirike si yanu ayi, ndi ya mjigo umene sunakumbidwewo.

Tiyambe ndi mzere wa maphunziro chifukwa ndi wosavuta. K3,200,000 ya makomiti anayi ndiye kuti K800,000 komiti imodzi. Ndikuganiza kuti mwaphunzitsa awiri okha, a mijigo iwiri yomwe yathayo. Ngati ndi choncho, ndalama yomwe munayenera kugwiritsa ntchito ndi K1,600,000. Inu mwagwiritsa K1,900,000. Ndiye mzere umene ukuoneka kuti wasunga K1,300,000 wapyola ndi K300,000 pa ntchito imene yachitikadi. Komiti iliyonse yadya K950,000. Awiri otsalawo akadyanso chimodzimodzi, mzerewu udzathera pa K3,800,000, kupyola bajeti ndi K600,000.

Undiyankhe ziwiri izi. Makomiti aphunzitsidwa angati? Ndipo mijigo iwiri yotsalayo ili pati, kontirakitala sanaikhudze n'komwe kapena pali imene anayamba?

MwanaWaNchalo
Agogo, mwalasa. Makomiti ndi awiri. Ndalama inakwera chifukwa sukulu yomwe tinkafuna kuchitirako munali anthu othawa madzi, ndiye tinakachitira ku Nchalo n'kubweza thiransipoti kwa aliyense.

Za mijigo, wachinayi uli tsidya la kum'mawa kwa Shire, makina sanafikeko. Wachitatu ndi umene ukundisowetsa tulo. Unakumbidwa pakati pa Malichi cha ku Ngabu, madzi anatuluka ambiri koma a mchere. Ndinapitako ndekha, mayi wina ananditungira m'kapu ya pulasitiki, ndinangolawa n'kulavula. Pampu sanaike. Pa 4 Epulo kontirakitala wabweretsa invoisi ya K5,400,000 ya mamita omwe anakumba, ili mu dirowa yanga, sitinalipire. Wanenanso kuti mijigo yatsopano tsopano ndi K10,500,000 umodzi, osati K9,000,000.

GogoLejala
Ndiye tenga pensulo. Mwalipira kale K18,000,000. Dzenje la mcherelo likufuna K5,400,000. Kuti mijigo ikwane inayi monga munalonjezera, patsala iwiri ya K10,500,000, ndiye K21,000,000. Zonse pamodzi ndi K44,400,000, pamene bajeti ndi K36,000,000. Mzere wobiriwira kwambiri pa lipoti lako ndi umene udzapyole ndi K8,400,000, pafupifupi 23 peresenti. Mafuta amene abwana akukalipirawo ndi K840,000 yokha.

Fayilo yakoyo ikusowa makolamu atatu kumanja. Yoyamba ikhale ya ngongole zomwe mwalowa kale koma simunalipire, monga invoisi ya mu dirowayo. Yachiwiri ikhale ya ndalama zomwe zikufunikabe kuti ntchito ithe, pa mitengo ya lero. Yachitatu iphatikize zonse ndi zomwe zatuluka kale, n'kuziyerekeza ndi bajeti yonse ya mzerewo. F kapena A ya pa kolamu yomalizayi ndi imene bodi iyenera kuona. Ngakhale fomu ya opereka thandizo ilibe makolamu amenewa, iwe ukhale nawo pa tsamba lako, chifukwa mawu a pa danga la kufotokoza amachokera pamenepo.

ThabwaFatima
Ine ndine wa kumidzi, sindidziwa za Excel, koma ndifunse: amene analemba bajetiyi anaika bwanji kukumba mijigo mu Januwale mpaka Malichi? Aliyense wa kuno akudziwa kuti msewu wa Thabwa kupita ku Fatima nyengo ya mvula mitsinje yotsika m'mapiri a Thyolo imaudula. Galimoto yaing'ono imavutika, nanga lole yonyamula makina okumbira? Komanso mjigo umafunika kukumba chilimwe madzi a pansi atatsika, kuti udziwe kuti sudzauma mu Okutobala. Ife timawauza a mu ofesi chaka ndi chaka, koma bajeti amalembera ku Blantyre, kenako lipoti likatuluka funso limabwera kwa ife kuti bwanji simunagwire ntchito.

MaiMsungichuma
Bambo a Thabwa mukunena zoona, ndipo zimenezi zili ndi malo ake pa lipoti. Pali kusiyana kobwera chifukwa cha nthawi, pamene ndalama idzatulukabe koma mwezi wina, ndi kusiyana kokhalitsa, pamene mtengo wasinthiratu. Mjigo wa tsidya lijawo K9,000,000 yake ndi ya nthawi, ingosunthira ku kota ya kutsogolo. Koma K1,500,000 yowonjezera pa mtengo wake ndi yokhalitsa, siibwerera. Mwana wathuyu alembe ziwirizi padera. Akangolemba kuti "tachedwa chifukwa cha mvula", eni ndalama adzaganiza kuti zonse zidzakwana mu Juni, kenako adzadabwa.

ChidyaMlamba
Nkhani ya madzi a mcherewo si yachilendo m'chigwa muno. Kwathu ku Nsanje kuli mjigo umene amayi amangochapira, nyemba ukaphikira sizipsa. Wina uli mamita mazana awiri okha kuchokera pamenepo, madzi ake okoma. Kodi musanakumbe anayeza? Ena amangobwera n'kufunsa amfumu kuti tikumbe pati, amfumu n'kuloza pafupi ndi nyumba yawo.

Nyakwawa77
Mafumu musawanamizire zonse. Ambiri amaloza pamene anthu agwirizana. Wodziwa za pansi pa nthaka ndi amene ali ndi makina, ndiye ayenera kunena kuti pano ayi.

ChidyaMlamba
Sindinati onse, akulu. Ndanena zomwe ndinaona ndi maso pa Freddy mu 2023, pamene mabungwe ankathamangira kukumba m'malo omwe anthu anasamukira.

KabazaWaBangula
Chabwino, ndamva kuti kubiriwira si kupulumutsa. Koma pa mafuta pali njira yachidule. Maulendo amenewo ankapita kukayendera mijigo, si choncho? Ndiye tengani K840,000 yopyolayo muilembe pa mzere wa mijigo pamene pali malo. Kufiira kutha, abwana agona tulo. Ndalama ndi ya pulojekiti yomweyo.

GogoLejala
Ayi, achimwene, ameneyo asayerekeze. Mbali imodzi mukunena zoona, ndalama ndi ya pulojekiti imodzi, ndipo akadakhala kuti polemba bajeti anaika mafuta oyendera mijigo pansi pa mijigo, palibe akanatsutsa. Koma bajeti yovomerezeka ili ndi mzere wake wa mafuta. Maodita akabwera amatenga vocha, amaona lisiti la pa filingi sitesheni, amaona logibuku ya galimoto, kenako amaona kuti yalembedwa pa mzere wa mijigo. Pamenepo nkhani siikhalanso ya kupyola bajeti, imasanduka ya kubisa, ndipo ndalama yotero akhoza kuikana kuti bungwe libweze. Komanso taona kale kuti pa mijigo palibe malo. Mukhala mukusenzetsa katundu munthu amene wagwa kale.

Mwanawe, mafutawo uwagawe pawiri. Bajeti inali ya malita angati, pa mtengo wanji, ndipo mwagula angati?

MwanaWaNchalo
Bajeti inali malita 600 pa K2,500. Ndawerenga malisiti onse usiku wathawu, magetsi atazima ndinayatsa tochi ya foni. Ndi malita 780, ndipo ndikagawa ndalama yonse ikubwera K3,000 pa lita.

GogoLejala
Wachita bwino. Tsopano ona. Malita owonjezera ndi 180. Pa mtengo wa mu bajeti wa K2,500, amenewo ndi K450,000. Imeneyi ndi mbali yobwera chifukwa choyenda kwambiri. Kenako lita iliyonse mwa 780 yakwera ndi K500, ndiye K390,000. Imeneyi ndi mbali ya mtengo. Phatikiza, upeza K840,000 ndendende.

Kugawaku kuli ndi ntchito. Mtengo wa pa pampu suli m'manja mwa bungwe lanu, palibe amene angakudzudzuleni. Koma malita 180 aja ali m'manja mwanu, ndipo funso lidzabwera lakuti ntchito yachitika theka, bwanji galimoto yayenda kuposa muyeso? Yankho lili mu logibuku. Ngati ndi maulendo obwerezabwereza ku Ngabu pa nkhani ya mcherewo, kapena kuzungulira chifukwa msewu unaduka, lemba masiku ndi makilomita. Ngati logibuku ili ndi masamba opanda kanthu, uwauze abwana lero, lipoti lisanapite.

WaExcelWaDyeratu
Ndiwonjezereko za fayilo yeniyeniyo, poti mwailandira kwa munthu wina. Dinani pa selo ya `Variance` muone chimene chili m'kati. Ngati bajeti ili mu B ndipo zotuluka zili mu C, pa mizere ya ndalama zotuluka pakhale izi mu D, E ndi F:

```
=B2-C2
=IF(B2=0,"n/a",D2/B2)
=IF(D2>0,"F",IF(D2<0,"A","-"))
```

Koma pa mzere wa ndalama zolowa muyenera kutembenuza, ikhale `=C2-B2`, chifukwa kulandira zochepa kuposa zomwe mumayembekeza ndi A. Ine zinandichitikira: ndinangokokera fomula kuchokera pamwamba mpaka pansi, gawo lachiwiri la thandizo linachedwa kubwera, ndipo lipoti linabiriwira pa mzere umenewo pamene ku banki kunalibe ya malipiro.

Chinanso, kuti musamafotokoze tinthu ting'onoting'ono, ikani kolamu imene ikuyaka pokhapokha kusiyana kukafika 10 peresenti komanso ndalama yooneka:

```
=IF(AND(ABS(D2)>=0.1*B2,ABS(D2)>=200000),"FOTOKOZA","")
```

`ABS` ikuchititsa kuti F yaikulu iyakenso, osati A yokha. K200,000 imeneyo ndi yomwe bodi yathu inasankha, inu ikani yanu.

MwanaWaNchalo
Zikomo achimwene. Ndayang'ana, mafomula ali bwino, koma pa mzere wa `Zonse` munthu uja analemba nambala ndi manja m'kota yapita. Ndakonza.

KabazaWaBangula
Nanga 10 peresenti ameneyu ndi lamulo la boma? Ndimamva paliponse.

MaiMsungichuma
Si lamulo la boma. Lili mu mgwirizano umene bungwe linasaina ndi eni ndalama, ndipo aliyense ali ndi lake. Ambiri amene ndagwira nawo amati ukafuna kupyola 10 peresenti upemphe kaye mwa kalata. A European Union pa mathandizo awo amalola kusuntha mpaka 25 peresenti ya mutu waukulu wa bajeti mongowadziwitsa, bola cholinga cha ntchito chisasinthe. Ndiye choyamba ndi kuwerenga ngati malire anu akuwerengedwa pa mzere uliwonse kapena pa mutu wonse. Mafuta anuwa apyola ndi 56 peresenti pa kota ino. Ngati ali pansi pa mutu waukulu wa maulendo, ndipo malirewo ndi a bajeti ya pulojekiti yonse, mwina simunawadutse. Ngati ndi a pa mzere, kalata inayenera kupita mu Febuluwale, ndipo tsopano mungopepesa n'kufotokoza.

Chimene anthu amaiwala n'chakuti chilolezo chosuntha ndalama sichibereka ndalama. Mutha kuloledwa kuchotsa uku n'kuika uku, koma chiwerengero cha pansi chimakhala chomwecho. Pa nkhani ya mwanayu mizere itatu yonse ikulowera ku A, ndiye palibe kochotsa.

Nyakwawa77
Ife zinatigwera mwa mtundu wina mu Novembala 2023, kwacha itagwa ndi 44 peresenti. Thandizo lathu linali la madola. Dola yomwe inkagulitsidwa pafupifupi K1,180 inafika K1,700, ndiye gawo lotsatira litalowa, mzere wa ndalama zolowa unabiriwira koopsa. Tinasangalala ngati abwana a mwanayu. Pasanathe mwezi simenti, mapaipi ndi mafuta zonse zinakwera, mizere yonse ya pansi inafiira. Eni ndalama anatiuza kuti lipoti tizilemba m'madola, ndipo titatero F ija inasowa, chifukwa madola anali omwe aja. Ndiye funsani, bajeti yanuyi munasaina m'makwacha kapena m'madola?

MwanaWaNchalo
Ndi ya makwacha, bambo. Palibe chowonjezera chimene chingabwere chokha.

Ndalemba chonchi pa mzere wa mijigo, ndiuzeni ngati zikumveka: "Mijigo 2 mwa 4 yatha ndipo yalipiridwa, K18,000,000. Wachitatu unakumbidwa mu Malichi koma madzi ake ndi a mchere. Kontirakitala akufuna K5,400,000, sitinalipire. Wachinayi wachedwa chifukwa msewu unaduka, tikuyembekeza kukumba mu Juni. Mtengo watsopano ndi K10,500,000 pa mjigo. Tikuyerekeza kuti mzerewu udzafika K44,400,000, kupyola bajeti ndi K8,400,000. Kalata yopempha kukambirana ikutsatira."

Ndikaphatikiza ndi K600,000 ya maphunziro ndi K840,000 ya mafuta, kupereweraku kukufika K9,840,000. Ndawaonetsa abwana m'mawa uno. Anakhala chete nthawi yaitali, kenako anati za njinga tisiye, ndipo andituma kukatenga fayilo ya kontirakiti.

MaiMsungichuma
Mawuwo ali bwino, koma K5,400,000 ine sindikanaiika m'chiwerengero. Makontirakiti ena a mijigo amati kontirakitala amalipidwa pokhapokha mjigo ukatulutsa madzi abwino, ena amati amalipidwa pa mita iliyonse. Mukailemba ngati ngongole musanawerenge, mukhala ngati mwavomera kale. Popanda imeneyo mijigo ikupyola ndi K3,000,000 yokha, pansi pa 10 peresenti, ndipo nkhani yake ndi ina.

GogoLejala
Mayi, apa tisiyana pang'ono. Kulemba m'lipoti la kwa eni ndalama si kuvomera kwa kontirakitala, iye saliona n'komwe. Ntchito inachitika mu Malichi, m'kati mwa kota yomweyi, ndipo invoisi ilipo. Mukaibisa lero n'kudzatulukira mu Julayi, adzafunsa kuti munadziwa liti. Ine ndikanaonetsa ziwerengero zonse ziwiri, K3,000,000 ngati sitilipira ndi K8,400,000 ngati tilipira, n'kulemba kuti nkhaniyi tikukambirana. Pa kolamu ya `Actual` isalowe ngati mabuku anu amalemba ndalama ikatuluka. Ngati amalemba ngongole ntchito ikangochitika, funsani odita wanu.

MaiMsungichuma
Ziwerengero ziwiri ndavomera. Koma yotsogola ikhale yaing'onoyo kufikira kontirakiti itawerengedwa.

GogoLejala
Ine ndikanatsogoza yaikulu. Bodi ikonzekere zovuta.

ThabwaFatima
Pamene mukukambirana zimenezo, wina akawauze anthu a ku Ngabu aja chimene chikuchitika. Anasonkha njerwa ndi mchenga, ndipo paipi yotsekedwayo amaiona tsiku lililonse.

MwanaWaNchalo
Bambo a Thabwa, tikupita Lachinayi ndi a zaumoyo a m'deralo. Kontirakiti ndaipeza. Ndime 7 ikuti mjigo "wouma" salipira, ndipo ikufotokoza kuti wouma ndi umene madzi ake ndi ochepa. Za mchere palibe liwu ndi limodzi lomwe. Amene anasankha malowo ndi kontirakitala yemweyo, siginecha yake ili pa fomu yoyezera. Alipo amene anakumanapo ndi ndime yotere? Ndili ndi masiku asanu ndi limodzi lipoti lisanapite.